Masiku anayi asowa pakati pa ine ndi kasitomala wanga

MaiTadala_Ginnery
Akuluakulu ndithandizeni, mutu waima. Ndimagulitsa mapepala, ma inki ndi zina za mu ofesi. Kampani ina ya ku Limbe inatenga katundu wa K4,380,000, invoisi ndinalemba pa 2 Febuluwale 2024. Pa mgwirizano womwe tinasainirana panalembedwa kuti azilipira pasanadutse masiku 30 kuchokera pa deti la invoisi, ndipo akachedwa pakhala chiwongola dzanja cha 25 peresenti pa chaka, chowerengedwa tsiku ndi tsiku. Ndalama zalowa mu akaunti yanga pa 17 Meyi. Ine ndawerenga ndapeza kuti achedwa ndi masiku 77. Akauntanti wawo wandiyankha kuti ndi 73, ndipo wayankha mwamwano ngati ndine mwana wa sitandade 2. Kalendala tonse tili nayo imodzi. Ndiye masiku anayiwo apita kuti?

Che_Bwanali
Masiku anayi okha mpaka kudandaula pa gulu? Thokozani kuti alipira mayi. Ena tikudikira za chaka chatha.

MaiTadala_Ginnery
Tsiku limodzi ndi K3,000 achimwene. Anayi ndi K12,000. Ngati kwa inu ndi yochepa nditumizireni, nkhani ithere pompa.

Kaleti_wa_Ndirande
Mwawerenga bwanji kuti mufike pa 77? Tiyambire pamenepo.

MaiTadala_Ginnery
Masiku 30 ndi mwezi umodzi, ndiye kuchokera pa 2 Febuluwale mwezi ukutha pa 2 Malichi. Ndinatenga kalendala ya pakhoma ndi bolopeni, kuchonga kuyambira pa 2 Malichi. Malichi wandipatsa 30, Epulo 30, Meyi 17. Zonse 77. Ndabwereza katatu.

Gogo_Lejala
Mwana wanga, kuphatikiza mwaphatikiza bwino, vuto lili poyambira. Ndagwira ntchito ya mabuku a ndalama zaka zambiri ndisanapume, ndipo mkangano uwu ndauona kosawerengeka. Masiku anu anayiwo sanasowe pamodzi. Asowa m'malo atatu osiyana, ndipo awiri mwa masikuwo akauntanti uja akunena zoona. Awiri enawo ndi pomwe mungalimbe naye.

Loyamba lasowa chifukwa mwatenga masiku 30 ngati mwezi. Mgwirizano wanu sunanene mwezi, wanena masiku 30. Febuluwale wa 2024 ali ndi masiku 29. Tsiku lomwe munalemba invoisi siliwerengedwa, tsiku loyamba ndi 3 Febuluwale. Kuchokera pamenepo kufika pa 29 Febuluwale ndi masiku 27. Atsala atatu, ndiye 1, 2 ndi 3 Malichi. Tsiku la 30 ndi 3 Malichi, osati 2 Malichi. Invoisi yomweyo mukanailemba pa 2 Malichi, masiku 30 akanathera pa 1 Epulo, mwezi usanakwane. Nthawi zina njira yanuyi imakuberani, nthawi zina imabera kasitomala, kutengera mwezi womwe mwagwamo.

Lachiwiri lasowa chifukwa mwachonga tsiku lomaliza kulipira ngati kuti pa tsikulo anali atachedwa kale. Munthu amene wauzidwa kuti alipire pofika pa 3 Malichi, akabwera ndi ndalama madzulo a pa 3 Malichi sanachedwe. Kuchedwa kukuyamba pa 4. Ndiye Malichi akukupatsani masiku 28, kuyambira pa 4 kufika pa 31, Epulo 30, Meyi 17. Zonse 75. Pa K3,000 patsiku ndi K225,000, osati K231,000 yomwe mwawalembera.

Za awiri otsalawo, tayang'anani kaye pa kalendala yanu ya pakhomayo kuti 3 Malichi linali tsiku lanji.

MaiTadala_Ginnery
Ayi ndaona. Lamulungu. Komanso ndi tsiku lokumbukira omwe anafera dziko lino.

Gogo_Lejala
Eya. Ndipo poti holideyo inagwa Lamulungu, anthu anapuma Lolemba pa 4. Mabanki anatsegula Lachiwiri pa 5 Malichi. Akauntanti uja wasuntha tsiku lomaliza kulipira kufika pa 5, ndipo kuchokera pa 5 Malichi kufika pa 17 Meyi ndi masiku 73. Sanalote nambalayo.

Zikomo_Phwanya
Pepani agogo, ine pa mfundo yachiwiri sindikumva. Ngati 17 Meyi mukuliwerenga, bwanji 3 Malichi osaliwerenga? Pa 17 paja ndi pomwe analipira, ndiye tsiku limenelo sanali ndi ngongole. Mukuyeza ndi miyeso iwiri.

Kaleti_wa_Ndirande
Aphwanya, munagonapo pa resitihausi? Mukafika Lolemba n'kuchoka Lachitatu, amakulipiritsani mausiku awiri, ngakhale mapazi anu aponda pamenepo masiku atatu. Chiwongola dzanja chimawerenga mausiku omwe ndalama yagona kwa mwini ngongole. Mutha kusiya tsiku loyamba n'kuwerenga lomaliza, kapena kuwerenga loyamba n'kusiya lomaliza, yankho ndi limodzi. Cholakwika ndi kuwerenga onse awiri. Kusiya onse awiri n'kulakwanso.

Zikomo_Phwanya
Ya resitihausiyo yandilowa. Koma musafunse kuti ndinkakatani kumeneko.

NaBanda_Chilomoni
Ife ku banki mkhonde zoterezi kulibe. Timakumana Lachinayi lililonse, ukalephera kubweza pa tsiku lako chindapusa chake n'chimodzi, kaya wachedwa ndi tsiku kaya ndi sabata. Mayi Tadala ingowauzani kuti adutsa miyezi itatu, alipire ya miyezi itatu basi.

Che_Bwanali
Apo mwafika pa katapila anti. Kampani ya ku Limbe singavomere zimenezo.

NaBanda_Chilomoni
Katapila ndi uja amakulanda mbaula ndi wailesi. Ife timalemba m'kope ndipo aliyense amasaina. Musatinyoze.

Wa_Malamulo_Pang'ono
Tibwerere ku masiku awiri aja. Ine ndikuti akauntanti walondola ndipo palibe chokambirana. Ndinagwirapo ntchito ya ukalaliki kwa maloya. Lamulo lomasulira malamulo a dziko lino limanena momveka: powerenga masiku kuchokera pa chinthu chomwe chachitika, tsiku lomwe chachitikalo siliwerengedwa, ndipo tsiku lomaliza likagwa Lamulungu kapena pa holide, nthawi imafika tsiku lotsatira lomwe si lopuma. Ndiye 73. Mayi Tadala landirani K219,000 muzipita.

Gogo_Lejala
Lamulolo mwalinena bwino, koma mwalikhazika pa mpando wa eni. Limene lija limatiuza mmene tiwerengere nthawi yolembedwa m'malamulo a boma, monga pamene lamulo lanena kuti chakuti chichitike pasanathe masiku akuti. Apa tili ndi mgwirizano wa anthu awiri ochita malonda, ndipo choyamba kuyang'ana ndi mawu omwe iwo eni anasainirana. Migwirizano yambiri ya mabanki ndi makampani akuluakulu imakhala ndi ndime yonena kuti tsiku lolipira likagwa pa tsiku losagwira ntchito, malipiro achitike tsiku la ntchito lotsatira. Ina imanena zosiyana, kuti achitike tsiku la ntchito la m'mbuyo mwake. Ngati ndimeyo ilipo mwa Mayi Tadala, nkhani yatha. Ngati mulibe, kasitomala atha kunena kuti ndi mmene anthu amachitira, mayiwa n'kunena kuti masiku 30 ndi masiku 30, anali ndi mwezi wonse woti alipire Lachisanu pa 1 Malichi.

MaiTadala_Ginnery
Ndawerenganso masamba onse awiri. Mulibe mawu aliwonse a holide kapena masiku a ntchito. Mgwirizanowu anandilembera ndi mlamu wanga, anangokopera wina wake.

Wa_Malamulo_Pang'ono
Ngakhale mulibe, ine sindikuona woweruza akulanga munthu chifukwa sanalipire tsiku lomwe banki inali yotseka.

Tiyamike265
Banki yotseka mu 2024? Anthu tikutumizirana ndalama pa foni pakati pa usiku. Komanso tisaiwale kuti sanalipire pa 5 Malichi paja. Akanalipira pa 5, ine ndikanati Mayi Tadala asiyeni. Koma munthu wakhala ndi ndalama za eni mpaka Meyi, lero akupempha chifundo cha holide ya mu Malichi?

Che_Bwanali
Mamiliyoni anayi a kampani satumizidwa pa foni ngati ndalama ya ndiwo. Pamafunika ma siginecha awiri, wina ali ku nyanja kokadya holide.

Kaleti_wa_Ndirande
Tiyamike wakhudza penipeni. Funso ndi lakuti holide imasuntha tsiku lomaliza kulipira, kapena imangomukhululukira munthu amene walipira mawa lake. Ngati imasuntha, ngongole yayamba kuchedwa pa 6 Malichi ngakhale atalipira Disembala, ndiye apa ndi 73. Ngati imangokhululuka, amene sanalipire pa 5 wataya mwayiwo ndipo tibwerera pa 75. Ine ndaonapo migwirizano ya mitundu yonse iwiri.

Mphatso_IT
Inu mukuvutikiranji ndi bolopeni? Mu Excel deti ndi nambala chabe, mumangochotsera. Ikani deti la invoisi mu A2 ndi tsiku lomwe alipira mu C2:

```
B2: =A2+30
D2: =C2-B2
E2: =TEXT(B2,"dddd")
```

B2 ikupatsani 3 Malichi, D2 ikupatsani 75, ndipo E2 ikuuzani kuti ndi `Sunday`. Kuchotsera kumasiya kokha tsiku loyamba, ndiye simungachonge kawiri. Za holide za kuno kompyuta siidziwa, zimenezo muziyang'ana nokha.

MaiTadala_Ginnery
Ndayesa pa laputopu ya mwana wanga. Ndalemba 17/05/2024 mu C2, D2 ikungoti `#VALUE!`. Kenaka ndati ndiyese za akauntanti uja, ndalemba 05/03/2024 mu B2 ndi `17-May-2024` mu C2, yandipatsa 14. Masiku 14! Chida chanuchi chaledzera.

Mphatso_IT
Sichinaledzere mayi, laputopuyo inatcheredwa mwa chi America, kumene amayamba ndi mwezi kenaka tsiku. 05/03/2024 yaiwerenga ngati 3 Meyi, ndipo kuchokera pa 3 Meyi kufika pa 17 Meyi ndi 14 ndithu. 17/05/2024 yaikana poti kulibe mwezi wa 17, yangoisunga ngati mawu. Mudzaizindikira chifukwa imakhala kumanzere kwa selo, pamene deti lenileni limakhala kumanja. Choopsa si chimene chakanacho, poti chimakuwa. Choopsa ndi madeti a pakati pa 1 ndi 12, amene amatembenuka mwakachetechete. Njira yosaphonya ndi iyi, chaka, mwezi, tsiku:

```
=DATE(2024,5,17)-DATE(2024,3,5)
```

Imeneyo ikupatsani 73 pa kompyuta iliyonse. Ndipo pa ma invoisi anu muzilemba dzina la mwezi, osati manambala okhaokha.

Bambo_a_Yankho
Poti nkhani ya madeti yafika, nane ndilire maliro anga. Ndimachita lendi shopu ku Limbe. Kontilakiti ndi ya miyezi 12 kuyambira pa 1 Juni 2023, ndipo imati ndikafuna kupitiriza ndilembe kalata masiku osachepera 60 isanathe. Ine ndinkadziwa kuti ikutha pa 1 Juni 2024. Ndinawerenga chobwerera, ndinapeza 2 Epulo, ndipo pa 2 Epulo m'mawa ndinakapereka kalata pamanja. Alandilodi akuti ndachedwa, shopu alonjeza kale wina amene alipire zambiri. Agogo, inu mwanena kuti tsiku loyamba siliwerengedwa. Ndiye 1 Juni 2023 isawerengedwe, miyezi 12 ithere pa 1 Juni 2024. Si choncho?

Gogo_Lejala
Bambo a Yankho, makiyi munalandira liti, ndipo lendi yoyamba inali ya masiku ati?

Bambo_a_Yankho
Pa 1 Juni pomwepo, m'mawa. Ndinayamba kupanga mashelefu tsiku lomwelo. Lendi ndimalipira ya mwezi wathunthu, pa 1 mpaka kumapeto.

Gogo_Lejala
Ndiye ndikukhumudwitsani. Pali kusiyana pakati pa nthawi yowerengedwa kuchokera pa chinthu chomwe chachitika, ndi nthawi yomwe ikuyamba pa tsiku lakutilakuti. Invoisi ya Mayi Tadala inalembedwa nthawi ina masana a pa 2 Febuluwale, tsikulo linali litadyeka kale, n'chifukwa chake timalisiya. Inu 1 Juni munaligwiritsa ntchito lonse ndipo munalilipira, ndi tsiku loyamba la kontilakiti yanu. Miyezi 12 yoyamba pa 1 Juni imatha usiku wa pa 31 Meyi. Chaka chimayamba pa 1 Januwale n'kutha pa 31 Disembala, sichifika pa 1 Januwale winayo. Mukati ithe pa 1 Juni ndiye kuti mwakhalamo chaka ndi tsiku limodzi.

Tsopano bwererani masiku 60 kuchokera pa 31 Meyi. Kuchotsa 31 mwafika pa 30 Epulo, kuchotsanso 29 mwafika pa 1 Epulo. Mwachedwa ndi tsiku limodzi.

Bambo_a_Yankho
Koma 1 Epulo linali Lolemba la Pasaka! Holide! Wa Malamulo wanena pamwambapa kuti tsiku likagwa pa holide timapita lotsatira. Lotsatira lake ndi 2 Epulo. Ndapulumuka.

Wa_Malamulo_Pang'ono
Ayi ayi, musandikokere m'madzi. Zija ndi za kuwerenga chopita kutsogolo. Inu mukuwerenga chobwerera. Alandilodi akuyenera kukhala ndi masiku 60 osachepera akudziwa maganizo anu. Mukapereka pa 2 Epulo atsala ndi 59. Holide siingawachotsere tsiku lawo. Ngati ofesi yawo inali yotseka Lolemba la Pasaka, Lachisanu Loyera pa 29 Malichi inalinso yotseka, ndiye tsiku labwino linali Lachinayi pa 28 Malichi.

Gogo_Lejala
Apa ndiye tagwirizana ndi a kalaliki. Komabe bambo, musanayambe kuzula mashelefu, tengani kontilakitiyo mupite nayo kwa loya aione yonse. Onani ngati pena palembedwa deti lothera m'manambala, chifukwa ena amalemba miyezi 12 pamwamba kenaka pansi n'kulemba kuti mpaka pa 1 Juni, ndipo zikatsutsana choncho pamakhala pokambira. Onaninso ngati alandilodi anasainira kalata yanu poilandira osanena kanthu.

Bambo_a_Yankho
Anasaina ndi mwana wawo, anadindanso chidindo. Mawu oti ndachedwa abwera patatha masabata atatu.

Tiyamike265
Patatha masabata atatu ndiye kuti ndi pomwe wa ndalama zambiri uja anatulukira. Si nkhani ya kalendala imeneyo.

Mphatso_IT
Kwa amene mukusunga makontilakiti ambiri, deti loyambira likakhala mu A2, deti lothera miyezi 12 ndi `=EDATE(A2,12)-1`. Kachotsera 1 kameneko ndi komwe kadya shopu ya bambowa. Chenjeraninso ndi `NETWORKDAYS`, imawerenga tsiku loyamba ndi lomaliza lomwe, ndiye Lolemba mpaka Lachisanu imati 5 pamene kuchotsera kumati 4.

Che_Bwanali
Ine funso langa ndi lina. K3,000 patsiku yachokera kuti? Msuweni wanga wa ku banki amati chaka cha chiwongola dzanja ndi masiku 360. Komanso 2024 ili ndi masiku 366. Ndiye 365 yo mwaitenga kuti?

Kaleti_wa_Ndirande
25 peresenti ya K4,380,000 ndi K1,095,000 pa chaka. Mukagawa ndi 365 ndi K3,000 ndendende. Mukagawa ndi 360 ndi K3,041.67, ndipo pa masiku 75 ikukwana K228,125. Mukagawa ndi 366 ndi K2,991.80. Msuweni wanuyo sananame kwenikweni, 360 imagwira ntchito kwambiri pa ngongole za madola a ku America, ndipo imakomera wobwereketsa chifukwa tsiku lililonse limalemerako. Koma pa mgwirizano wa makwacha womwe wangoti pa chaka osatchula china, ine ndimagawa ndi 365, ndipo ndimalemba pa pepala kuti ndagawa ndi 365 kuti wotsutsa atsutse poyera. Mayi Tadala, akauntanti uja anapeza ndalama zingati pa masiku ake 73?

MaiTadala_Ginnery
K219,000.

Kaleti_wa_Ndirande
Ndiye naye wagawa ndi 365. Pamenepo musayambitsepo mlandu wina, mungadzutse 366 ali gone.

NaBanda_Chilomoni
Ine ndimawerengabe miyezi pa mfundo za zala monga anatiphunzitsira ku pulayimale, pa fupa 31, pa chigwa 30. Sinandinamizepo.

Zikomo_Phwanya
Febuluwale ali pa chigwa anti, koma alibe 30. Ndi amene wayambitsa zonsezi.

MaiTadala_Ginnery
Ndawalembera imelo. Ndavomera kuti 77 inali yolakwa, ndaika madeti onse ndi mayina a miyezi, 3 Malichi ngati tsiku lomaliza, masiku 75, K225,000, ndipo ndawapempha andionetse ndime yomwe ikunena za holide. Ayankha kuti ndimeyo mulibe koma ndi mmene amachitira ndi onse owagulitsa katundu, ndipo atumiza K219,000 Lachisanu. Ya K6,000 akuti akafunsa abwana awo.

Gogo_Lejala
Polandira K219,000 yo mulembe kuti mwalandira ngati gawo, K6,000 ikadali pa mkangano. Akakupatsani pepala lonena kuti ndi malipiro omaliza, musasaine musanaganize ngati mukuisiyadi. Ndipo mlamu wanu uja awonjezere mzere umodzi wa holide pa mgwirizano, mbali iliyonse yomwe mungakonde, oda ina isanabwere.

Wa_Malamulo_Pang'ono
Ine ndikadali pa 73.

Tiyamike265
75. Bambo a Yankho, loya uja mwamupeza?

Bambo_a_Yankho
Ndili pa minibasi ya ku tauni pano, tayima pa Chichiri kondakitala akusaka chenje. Kontilakiti ili mu envelopu. Ndaona pansi pa tsamba lachitatu palembedwa pamanja kuti 01/06/24, koma sindikudziwa ngati analemba ndi alandilodi kapena ndine ndemwe.